Ndime za Ufulu pa Tebulo la a Bwerezani

Ndinagwira ntchito zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri mu ofesi ya mafayilo pa khoti la majisitireti, ndipo zaka zonsezo tebulo loyang'anizana ndi langa linali la womasulira wathu, amene tonse tinkawatcha a Bwerezani. Dzinali analipezera m'khoti momwemo. Mboni ikamayankhulira m'mphuno, kapena woimbidwa mlandu akameza mawu, iwo ankapendeketsa mutu, dzanja kukhutu, n'kunena kuti, "Bwerezani." Sankamasulira chinthu chimene sanachimve bwino, kaya a majisitireti ayang'ane wotchi kangati.

Anali munthu wamtali, wowonda, wa jekete limodzi lotuwa limene akazi awo, omwe anali telala, analisintha kolala kawiri. Ofesi yathu inali ndi zenera limodzi, fani yakufa, ndi mashelefu odzaza mafayilo omanga ndi zingwe mpaka kudenga. Nthawi ya nkhomaliro anzathu ankatuluka, koma iwo ankatsala n'kumadya buledi ndi tiyi wa m'fulasiki, atayala nyuzipepala kuti nyenyeswa zisagwere pa mapepala a boma.

Bambo awo ankatsegula ndi kutseka geti pamene njanji imadutsa msewu. A Bwerezani ali mwana ankawerengera anthu a m'dera lawo makalata a chizungu, ndipo aliyense ankati mwanayu adzakhala loya. Amene ankawaphunzitsa anali achimwene awo aakulu, dalaivala wa basi. Chaka chimene a Bwerezani ankamaliza sekondale, apolisi anadzawatenga achimwenewo pa depoti chifukwa cha mawu ena amene ananena akuseka ndi kondakitala. Sanawatengere ku khoti, ndipo malamulo a masiku amenewo ankalola zimenezo. Anabwerako patatha zaka zitatu ndi miyezi inayi, alibe mano akutsogolo, akuyankhula monong'ona ngakhale m'nyumba mwawo. Za uloya zinathera pomwepo. A Bwerezani analowa ntchito yomasulira, n'kukhala pakamwa pa anthu ena moyo wawo wonse.

Dziko litalemba malamulo ake aakulu atsopano, iwo anapeza kabuku kawo, n'kukakutira ndi pepala la kalendala. Mutu wonena za ufulu wa anthu ankaudziwa ngati nyimbo. Ine ndinkawaseka kuti ena amayenda ndi chithunzi cha mkazi m'thumba, iwo amayenda ndi malamulo. Ankangoti, "Amayi a mafayilo, akazi anga ndimawapeza kunyumba madzulo alionse. Izizi ndinakhala zaka zambiri ndisakuzipeza."

Mtsikana wina anabwera Lolemba lina, a Bwerezani atatsala ndi zaka ziwiri kuti apume pa ntchito. Anali wa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, atangomaliza mayeso a sekondale, atanyamula jumbo ya zovala zosinthira za bambo ake. Bambowo anali wowotcherera zitsulo, wopanga mageti ndi mafelemu a mawindo m'kashedi kuseri kwa siteshoni ya mafuta. Apolisi anapeza m'shedimo mapaipi makumi awiri amene anabedwa pamalo ena omangapo nyumba. Iwo ankati anawagula masana, kwa munthu wa ngolo amene ankagulitsa zitsulo zakale tsiku ndi tsiku. Mlandu wake unali wolandira katundu wakuba. M'mawa umenewo anaukana, ndipo anawatumiza ku rimandi, ndiye kuti kundende kukadikira mlandu.

Mtsikanayo anagogoda pachitseko chathu chotsegula kale.

"Pepani bambo. Ndinu amene mumayankhula chathu m'khoti muja?"

"Ndine. Mukufuna fayilo? Ndi amayiwa."

"Ayi. Munawauza bambo anga kuti ali ndi ufulu wakuti, ufulu wakuti. Mumathamanga, sindinagwire zonse. Zimenezo mumazitenga kuti? Zilipo penapake kapena ndi mwambo chabe wa pakamwa?"

A Bwerezani anaika buledi pansi. Zaka zonsezo palibe amene anawafunsapo funso limenelo.

"Mwanangu, za mlandu wa bambo ako sindingayankhule nawe. Ine si loya, ndiponso ndinalumbira kuti m'khoti ndilibe mbali. Koma bukuli," anatero akulitulutsa m'thumba la jekete, "ndi lako monganso lili langa. Ukabwera nthawi ngati ino, ndikuwerengera ndime imodziimodzi."

Anayamba tsiku lomwelo. Mtsikanayo anakhala pa mulu wa mafayilo otsekedwa chifukwa mpando wachitatu tinalibe, ndipo ankalemba m'kope lake lakale la masamu kuyambira kumapeto. A Bwerezani ankawerenga ndime m'chizungu, chala pansi pa mzere, kenako n'kuinena m'chathu.

"Yoyamba. Munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala ndi moyo, ndipo palibe angamulande moyowo mwachisawawa. Yachiwiri, ulemu wa munthu sulandidwa. Kaya wagwidwa akuba, kaya wapenga, kaya ali m'chitokosi, ndi munthu basi. Sazunzidwa, samenyedwa kuti aulule, sapatsidwa chilango chomuchotsa umunthu."

"M'chitokosi cha ku polisi anali anthu makumi atatu, chidebe chimodzi pakona. Chidebecho chili m'ndime iti?"

"M'ndime yomweyi. Chikuiphwanya."

"Ndiye amene waiphwanya amamutani?"

"Tidzafika. Kuli ndime yake kutsogolo."

Mawu akuti "tidzafika" ndinawamva kambirimbiri miyezi imeneyo. Mtsikanayo sankalola ndime kudutsa osaikoka mchira, mpaka a mesenjala anamutcha Namafunso, dzina n'kumumatirira.

Ankabwera Lachiwiri ndi Lachisanu, pochokera kundende kokasiya chakudya. Anawerenga za kufanana kwa anthu pamaso pa malamulo, kuti sasankhidwa chifukwa cha mtundu, chipembedzo, ulumali, kukhala mkazi kapena mwamuna, ngakhale umphawi. Namafunso anafunsa chifukwa chake munthu wa suti amene anabwera ndi maloya awiri tsiku lomwe lija anagona kwawo. A Bwerezani anati ndimeyo imaletsa khoti kuyang'ana suti, koma siyingamusokere munthu suti. Anawerenga za chinsinsi cha munthu, kuti nyumba yake ndi thupi lake sizisechedwa mwachisawawa.

"Apolisi anabwera opanda chikalata, n'kugubuduza shedi yonse," anatero Namafunso.

"Nthawi zambiri chikalata cha khoti chimafunika. Koma lamulo limalola kusecha popanda chikalata ngati pali chifukwa chomveka choopa kuti katundu asowa asanachitenge. Woweruza ndiye amaona ngati chifukwacho chinalipodi."

Pa ndime ya katundu, yoti munthu salandidwa chake mwachisawawa, anafunsa za makina owotcherera amene apolisi ananyamula limodzi ndi mapaipi. Anamuuza kuti katundu wosungidwa ngati umboni amadikira mlandu uthe, ngakhale mwini angathe kupempha khoti kuti limubwezere chimene sichikukhudzana ndi mlandu. Namafunso anakalemba kalata yopempha. Ndinaidinda ndekha n'kuiika m'fayilo.

Sabata yachitatu anafika pa ndime yaitali ya anthu omangidwa, ndipo a Bwerezani anaigawa m'zidutswa ngati mmene amadulira buledi wawo.

"Akakumanga, akuuze msanga chifukwa chake, m'chiyankhulo chimene ukumva. Akuuze kuti uli ndi ufulu wokhala chete. Asakukakamize kuvomera. Akulole kuonana ndi loya ndi abale ako. Ndipo akufikitse ku khoti pasanathe maola makumi anayi ndi asanu ndi atatu. Maolawo akathera pa tsiku limene khoti siligwira ntchito, ndiye tsiku loyamba lotsatira."

Namafunso anawerenga pa zala. "Anawagwira Lachiwiri m'mawa. Anafika kuno Lolemba linalo. Panalibe holide."

"Ndiye anachedwa nawo."

"Ndiye mlandu wafa."

Nkhope yake inawala moti ine ndinayang'ana kumbali. A Bwerezani anapukusa mutu.

"Sunafe. Masiku amene anapitirirawo anasungidwa mosemphana ndi malamulo. Akanapezeka wokadandaula nthawi yomweyo, khoti likanalamula kuti awabweretse kapena awatulutse. Ngakhale pano angathe kudzasumira boma kuti liwapepese. Koma mlandu wa mapaipi uli pawokha, ukuyendabe."

"Ndiye ndimeyi imathandiza munthu amene akuidziwa kale, amenenso ali ndi womuthamangira panja."

"Ndi chifukwa chake ukuiphunzira."

Za belo anamuuza kuti womangidwa ali ndi ufulu wodikira mlandu ali kunyumba, pokhapokha ngati boma litasonyeza kuti chilungamo chisokonekera akatuluka. Si womangidwa amene ayenera kupempha ngati akupempha chifundo, ndi boma limene liyenera kupereka zifukwa. Namafunso anakawaphunzitsa bambo ake mawu amenewa kudzera pa waya wa kundende, ndipo tsiku lotsatira la mlandu bambowo anaimika dzanja n'kupempha belo. Wapolisi woimira boma anaimirira n'kunena kuti munthu wa ngolo uja sanagwidwe, mapaipi ena amene anabedwa pamalo paja sanapezeke, ndipo mboni ziwiri zimakhala pafupi ndi shedi, choncho woimbidwa mlandu akhoza kuzinyengerera. A majisitireti anakana belo. Mawu onsewo, a mbali zonse, anadutsa pakamwa pa a Bwerezani.

Chinthu chimene chinadzawadya mtima a Bwerezani pambuyo pake chinachitika mwezi wachitatu. Akaidi anzawo anawalangiza bambo aja kuti angovomera. Munthu woyamba kupalamula, wamkulu, wodwala shuga, katundu wapezeka: ambiri otere amapatsidwa chilango chokakhala kunyumba, bola osapalamulanso. Bambowo anatopa ndi kugona chokhala, ndipo anamuuza mwana wawo kuti akavomera. Tsiku limenelo Namafunso anafika ali wefuwefu, ndipo ndime imene inali pamzere inali ya kuzengedwa mlandu mwachilungamo.

"Munthu ndi wosalakwa kufikira khoti litamupeza wolakwa," anawerenga a Bwerezani. "Si iye woti asonyeze kuti ndi woyera. Boma ndilo libweretse umboni wosasiya chikayiko chomveka. Ali ndi ufulu wofunsa mafunso mboni za boma, woitana mboni zake, wokhala ndi womasulira, wokhala ndi loya, ndipo ngati sangakwanitse pamene chilungamo chikufuna loya, boma limupatse. Mlandu wake uzengedwe poyera, ndiponso m'nthawi yoyenera."

"Nthawi yoyenera ndi masiku angati?"

"Sanalembe nambala. Khoti limayang'ana kukula kwa mlandu, amene akuchedwetsa, ndi mmene munthuyo akuvutikira."

"Nanga munthu angavomere chimene sanachite?"

"Za bambo ako sindinena."

"Sindikufunsa za bambo anga. Ndikufunsa za munthu."

A Bwerezani anagwira kabuku kaja. "Bukuli linalembedwa kuti munthu asafike pamenepo."

Sananene china. Koma mtsikanayo anatuluka nawo mawuwo ngati wanyamula moto, n'kukawauza bambo ake kuti akavomera ndiye kuti adzafa ali wakuba, ndipo palibe kampani idzawapatsenso ntchito ya mageti. Anawawerengera m'kope muja. Bambowo, amene sukulu analekezera sitandade 4 ndipo ankanyadira mwana wawo kuposa china chilichonse, anamvera. Sanavomere.

Kuchokera pamenepo mlandu unayamba kuyenda mmene milandu yambiri imayendera. Tsiku lina galimoto ya kundende inalibe mafuta. Tsiku lina mboni sizinaitanidwe. Tsiku lina wapolisi wofufuza anali ku maliro, lina anali ku maphunziro. Mboni imodzi inapereka umboni mwezi wachisanu, kenako a majisitireti anasamutsidwira ku khoti lakutali. Namafunso anapita ku ofesi ya maloya a boma othandiza osauka, anakhala pa benchi masiku atatu, n'kupeza loya wachitsikana wa maso otopa amene anali ndi milandu yoposa mazana awiri, yambiri ya kupha. Loyayo anachita zimene akanatha. Analemba pempho la belo ku khoti lalikulu. Jaji anati abweretse kaye fayilo ya khoti laling'ono.

Fayiloyo inasowa. Ndinene pano kuti inasowa m'manja mwa ofesi yanga. Ndinagwetsa shelefu iliyonse, ndinayetsemula fumbi sabata ziwiri. Inadzapezeka patatha miyezi inayi m'kabati ya a majisitireti osamuka aja, imene kiyi wake anapita naye m'thumba mosadziwa. Pofika nthawiyo tsiku la ku khoti lalikulu linali litadutsa, loya uja ali kutali ndi milandu ya kupha, ndipo pempho likudikira tsiku lina.

Maphunziro a pa tebulo sanaime, koma anasintha. Namafunso analowa ntchito yotsuka mabotolo pa fakitale ya zakumwa kuti adyetse azing'ono ake awiri, popeza mayi awo anamwalira kale, ndipo ankabwera Lachisanu lokha, manja atatuwa ndi sopo. Zotsatira za mayeso zinatuluka, anakhoza bwino, koma mafomu a ku koleji sanawatenge. Anawerenga za ufulu wa chipembedzo ndi maganizo, wa kuyankhula, wa kusonkhana mwamtendere, wa kuyenda. Pa ndime zimenezi sankafunsa zambiri. Pa ndime ya akaidi, yoti asungidwe mwaulemu, apatsidwe chakudya chokwanira ndi chithandizo cha mankhwala, anangoti, "Mankhwala a shuga anatha ku chipatala cha kundende mwezi watha. Ndikawatengera anga, pageti amati abwere ndi kalata ya dokotala wa kundende. Dokotalayo amabwera kamodzi pa mwezi. Bambo akuti akuona ngati muli utsi."

"Lembera mkulu wa ndende. Tchula ndimeyi."

"Ndinalemba."

Kenako anafika pa ndime ya malire. A Bwerezani anaiwerenga pang'onopang'ono, ngati munthu woponda pamatope.

"Ufulu wambiri ungathe kuchepetsedwa. Koma pakhale lamulo lolembedwa lolola zimenezo, chifukwa chake chikhale chomveka ndi chofunikadi m'dziko la ufulu, ndipo kuchepetsako kusafike popha ufuluwo. Ndiye pali wina umene sukhudzidwa n'komwe, ngakhale pa nthawi ya nkhondo. Kuzunza munthu, ukapolo, zimenezo palibe chifukwa chingazilole."

"Ndiye ya bambo anga ndi malire ati? Lamulo lake ndi liti lonena kuti galimoto ikasowa mafuta munthu akhale chaka?"

"Palibe."

"Ndiye si malire."

"Si malire. Ndi kuphwanya basi."

"Chabwino. Munkati tidzafika. Tafika?"

Anatsegula tsamba lotsatira. Ndimeyo inkati aliyense amene ufulu wake waphwanyidwa angapite ku khoti, ndipo khoti lili ndi mphamvu yolamula kuti kuphwanyako kuleke ndi kuti wolakwiridwayo apepesedwe. Angathenso kukadandaula ku bungwe loona za ufulu wa anthu.

Namafunso anayang'ana mashelefu, anayang'ana ine, n'kuseka pang'ono, kuseka kopanda mano.

"Khoti lake liti, bambo? Lomwe lino?"

A Bwerezani anati lalikulu. Iye anati n'komwe kuli pempho lija. Tiyi wawo anazizira m'kapu tsiku limenelo.

Mwezi wa khumi ndi chitatu, a majisitireti atsopano anati mlandu uyambirenso, chifukwa sanaimve okha mboni yoyamba ija. Bambo aja analowa m'bokosi akupapasa thabwa ndi dzanja. Anali ataonda moti lamba wa chingwe anamuzunguliza kawiri. Ine ndinali nditabweretsa fayilo, ndipo ndinaima pakhomo la pambali, pafupi ndi bokosilo. Namafunso anali pa benchi yachiwiri. Loya sanabwere. Dzulo lake mtsikanayo anali atawauza yekha bambo ake kuti avomere.

Mlandu unawerengedwa, a Bwerezani anaumasulira: kuti pa tsiku lakuti analandira mapaipi makumi awiri, akudziwa kapena ali ndi chifukwa chokhulupirira kuti ndi akuba.

"Mwaumva mlanduwu?"

"Ndaumva, bwana."

"Mukuuvomera kapena mukuukana?"

"Ndikuvomera, bwana." Kenako, motsitsa kwambiri, ngati akudziuza okha, anati, "Koma kuti ndi akuba sindinkadziwa."

A majisitireti anali akulemba, sanamve. Woimira boma ankafufuza pepala m'chikwama. Amene anamva anali a Bwerezani, amene anaima pafupi, ndi ife ochepa a kutsogolo. Ndinaona Namafunso akuwayang'ana a Bwerezani, akupukusa mutu pang'onopang'ono, maso ali pa iwo.

A Bwerezani anaima nthawi imene kwa ine inali yaitali. Kenako anatembenukira kutsogolo n'kunena zonse m'chizungu, kuvomera kuja ndi "koma" yemwe.

A majisitireti anaika cholembera pansi. Anafotokoza mwaulemu kuti khoti silingalandire kuvomera kwa theka. Kudziwa kuti katundu ndi wakuba ndiye mtima wa mlanduwo, ndipo munthu amene akuti sankadziwa waukana. Analemba kuti wakana. Boma linati mboni zilibe pafupi. Anapereka tsiku lina, patsogolo ndi masabata asanu ndi awiri.

Masana mtsikanayo analowa mu ofesi osagogoda.

"Mawu asanu okha. Mukanangotsokomola."

"Ndinalumbira, mwanangu."

"Munalumbira kwa ndani? Onsewa analumbira. Wa kiyi uja analumbira, wa mafuta analumbira. Inu nokha ndiye mwakumbukira lumbiro lanu, pa bambo anga?"

"Lamulo loti khoti lisalandire kuvomera kotere analiika kuti liteteze anthu ngati iwo. Kuti munthu asamangidwe pa chimene akuchikana."

"Lawateteza. Abwerera kukagona pansi, atetezedwa."

A Bwerezani anakankhira buledi wawo pambali.

"Chaka chatha akanavomera, bwenzi akuona," anatero Namafunso, mawu atatsika. "Ndinawaletsa ndine. Ndinawawerengera zimene munandiwerengera."

"Zimene ndinakuwerengera ndi zoona."

"Ndikudziwa kuti ndi zoona. Chikanakhala bodza bwenzi ndili ndi wokwiyira."

Anatuluka. Kunali kutatsala ndime zinayi kapena zisanu, ya kuvota, ya ana, ya ntchito, ya maphunziro, koma sanabwerenso kudzazimva.

Madzulo ake tikutseka zenera ndinawafunsa a Bwerezani chifukwa chake sanangowasiya mawuwo agwe pansi. Palibe akanadziwa. Anati, "Amayi a mafayilo, ndikayamba kusankha mawu oti a majisitireti amve, ndiye woweruza ndine, ndipo palibe anandiika. Lero ndameza mawu kuti ndimuthandize munthu, mawa wina adzameza kuti amupweteke." Anavala jekete, n'kuima pakhomo. "Ndi mmene ndakhala ndikudziuzira. Lero sizikundikhutitsa."

Masabata asanu ndi awiri atakwana, a Bwerezani anapempha kuti mlanduwo amasulire wina, koma womasulira wachiwiri anali pa tchuthi cha uchembere. Anaimanso pamalo pomwe paja. Bambo aja anawalowetsa atawagwira mkono. Anafunsidwa ngati akuvomera, anati akuvomera. Woimira boma anawerenga mmene zinachitikira, kuti anagula pa mtengo wotsika kwambiri, akudziwa bwino lomwe kumene mapaipiwo achokera. A Bwerezani anamasulira chiganizo chilichonse.

"Zimene zawerengedwazi ndi zoona?"

"Ndi zoona, bwana."

"Munkadziwa kuti ndi akuba?"

"Ndinkadziwa, bwana."

"Pali amene wakukakamizani kuvomera?"

"Palibe, bwana."

Anayankha mokweza, momveka bwino, ngati mwana amene waloweza. Khoti linawapeza olakwa. Poganizira kuti kanali koyamba, ndi odwala, ndipo katundu anapezeka, linawapatsa miyezi khumi ndi iwiri kuyambira tsiku limene anamangidwa. Anali atakhala kale miyezi pafupifupi khumi ndi isanu. Anabwerera kundende kukadikira chikalata, ndipo anatuluka mawa lake masana. Pempho la belo la ku khoti lalikulu linapatsidwa tsiku patatha mwezi, ndipo linangotsekedwa popeza munthu wake anali kale panja.

Bambowo anapeza m'shedi muja mwalowa wokonza matayala. Diso lamanzere linali litafa, lamanja linkaona zithunzithunzi. Loya uja anamuuza Namafunso kuti angathe kusumira boma pa masiku a ku polisi aja, ndipo mwina ndi pa za mankhwala, koma mlandu wotere umatenga zaka, ndipo ofesi yawo inalibe munthu woti auyendetse msanga. Mtsikanayo anathokoza, osapitanso.

A Bwerezani anamaliza miyezi yawo yotsala mwakachetechete. Ntchito ankaigwira bwino ngati kale, sanaphonyepo tsiku. Koma nkhomaliro anayamba kukadyera panja, pansi pa masitepe a kuseri, ndipo munthu akabwera pawindo kudzafunsa za ufulu wake ankamulozera ku ofesi ya maloya a boma. Tsiku lotsanzikana tinawagulira wotchi ya pakhoma. A majisitireti aakulu ananena kuti pa zaka makumi atatu ndi zinayi palibe apilo ngakhale imodzi imene inadandaula za kamasuliridwe kawo. Anthu anawomba m'manja. Iwo anaimirira, anati zikomo, n'kukhala pansi.

Masiku ano amakhala pa shopu ya akazi awo, kudula ulusi ndi kusita zovala zosokedwa. Ndinapitako chaka chatha kukasoketsa yunifolomu ya mdzukulu wanga. Akazi awo anandiuza kuti ahedi a sekondale ya pafupi anabwera kawiri kudzawapempha kuti akayankhule kwa ana a fomu yomaliza za malamulo a dziko. Ulendo woyamba anati ali ndi chimfine. Wachiwiri analola, anakonzekera sabata yonse, analemba ndi manotsi. Tsikulo litafika anavala, anayenda mpaka pa mphambano, n'kubwerera.

"Ndinawafunsa kuti bambo, mwaiwala chiyani," anatero mayiwo akuyeza nsalu. "Akuti palibe."

A Bwerezani anali kumbuyo, ayironi ili m'manja. Anandifunsa za anzathu a ku ofesi mmodzimmodzi, amene anasamuka, amene anamwalira, ndi ngati denga la khoti lachiwiri likudonthabe. Ndinati likudonthabe. Anandiperekeza mpaka pa msewu, ndipo tinaima pamenepo kudikira minibasi, tikukamba za mitengo ya nsalu.